Fayilo Yofufutidwa pa SSD: Dzina Lilipo, Zam'kati Zinapita

Kwa zaka zambiri amisiri okonza makompyuta ankachita chinthu chimene eni makompyutawo ankachiona ngati matsenga. Munthu ankabwera mtima uli m'mwamba, akunena kuti anafufuta zithunzi za ukwati miyezi itatu yapitayo ndipo wangozindikira lero. Mmisiri ankatsegula pulogalamu monga Recuva kapena PhotoRec, n'kuisiya ikufufuza kwa ola limodzi kapena awiri, ndipo zithunzi zambiri zinkatulukira zili bwinobwino. Zimenezi zinazika maganizo akuti pakompyuta palibe chimene chimatayikiratu, bola upeze munthu wodziwa.

Masiku ano mmisiri yemweyo, ndi pulogalamu yomweyo, nthawi zambiri amagwira njakata. Pulogalamu imaonetsa mayina a mafayilo onse, kukula kwake ngakhalenso tsiku limene anasungidwa. Mwini wake amayamba kumwetulira. Koma akati atsegule chithunzi, kompyuta imakana, imati fayiloyo ndi yoonongeka. Ayesa chachiwiri, chachitatu, mpaka chomaliza, nkhani ndi yomweyo. Mmisiriyo luso lake lidakalipo. Chimene chasintha ndi chipangizo chosungira zinthu m'kati mwa kompyutamo: kale munkakhala hadi disiki, pano malaputopu ambiri ali ndi SSD, ndipo SSD imalandira lamulo lina lotchedwa TRIM nthawi imene mwafufuta fayilo.

Kuti lamuloli limveke, tiyambe ndi zimene zinkachitika pa hadi disiki. M'kati mwake muli mbale zozungulira, kawirikawiri maulendo 5400 kapena 7200 pa mphindi, ndipo zinthu zimalembedwa pamenepo ndi mphamvu ya maginito. Windows imasunga kaundula wamkulu wa mafayilo onse, wonena kuti fayilo yakuti ili ndi dzina lakuti, ndi yaikulu mwakuti, ndipo yakhala pamalo akutiakuti a disiki. Mukafufuta fayilo, Windows imangosintha zinthu ziwiri m'kaundulamu: imaika chizindikiro chakuti fayiloyo kulibenso, n'kulemba kuti malo ake tsopano ndi opanda mwini. Pambale paja sipakhudzidwa. Disiki yeniyeniyo siuzidwa n'komwe kuti kwachitika chinthu.

N'chifukwa chake pa hadi disiki nthawi payokha sinkaononga kanthu. Fayilo yofufutidwa inkatha pokhapokha fayilo ina ikalembedwa pamalo omwewo. Disiki ikakhala yaikulu ndipo mwini wake salembapo zambiri, chithunzi chofufutidwa chinkatha kukhala zaka chili chonse. Hadi disiki inalibenso chifukwa chodziwira za malo opanda mwini, popeza imatha kulemba zatsopano pamwamba pa zakale mwachindunji, popanda kuyamba yafufuta.

SSD singathe kuchita zimenezo, ndipo nkhani yonse yagona pamenepa. M'kati mwake mulibe chozungulira. Muli matchipi okhala ndi timaselo tambirimbiri timene timasunga mphamvu yochepa kwambiri ya magetsi, ndipo kuchuluka kwa mphamvuyo ndi kumene kumaimira zimene zalembedwa. Timaseloti timaikidwa m'magulu otchedwa masamba, ndipo tsamba limodzi pa SSD zambiri za masiku ano limasunga 16 KB. Masamba mazana angapo amapanga buloko limodzi. Malamulo ake ndi ovuta: SSD imalemba tsamba limodzi pa nthawi, koma imalemba patsamba lopanda kanthu pokha, ndipo singafufute tsamba limodzi palokha. Kufufuta kumafuna mphamvu ya mavoti pafupifupi 20, ndipo mphamvuyo imakhudza buloko lonse nthawi imodzi.

Taganizani za bolodi la m'kalasi limene mphunzitsi angalembepo mzere umodziumodzi, koma akafuna kufufuta, bolodi lonse liyenera kuyera. Ngati pabolodipo pali mizere isanu imene ana sanamalize kukopera, ayenera kuyamba wailemba pa bolodi lina, kenako n'kufufuta loyambalo. Ntchito imeneyi SSD imaichita tsiku ndi tsiku, ndipo amene amaiyendetsa ndi katchipi kena kotchedwa kontilola, kamene kwenikweni ndi kakompyuta kakang'ono kokhala ndi pulogalamu yakeyake.

Kontilola amasunga mapu ake. Windows ikanena kuti lemba izi pamalo nambala 5000, kontilola amasankha yekha tsamba lopanda kanthu kulikonse m'matchipimo, n'kulemba pamapu kuti nambala 5000 ili patsamba lakuti. Mawa Windows ikasintha zimene zili pa nambala 5000, kontilola amalemba zatsopanozo patsamba lina, n'kukonza mapu, ndipo tsamba lakale amaliwerengera m'gulu la zinyalala. Choncho manambala amene kompyuta imawadziwa si malo enieni m'matchipi. Pulogalamu iliyonse, kuphatikizapo yobwezeretsa mafayilo, imafika pa zinthu zanu kudzera mwa kontilola ndi mapu akewo, palibe njira ina.

Zinyalala zikachuluka, kontilola amasesa. Amasankha buloko lokhala ndi masamba ambiri otha ntchito, amasamutsa masamba amene adakali ofunika, kenako amafufuta buloko lonse kuti likhale lokonzeka kulandira zatsopano. Amakonda kuchita zimenezi pamene kompyuta ili chete, ndipo sapempha chilolezo kwa aliyense.

Apa ndi pamene SSD zoyambirira zinkavutikira. Kontilola ankadziwa kuti tsamba latha ntchito pokhapokha Windows ikalemba zina pa nambala yomweyo. Fayilo ikangofufutidwa, iye sankauzidwa, monga momwe hadi disiki sinkauzidwira. Ankapitiriza kusamala masamba a mafayilo amene mwini wake anawataya kalekale, n'kumawasamutsa buloko ndi buloko ngati chuma. Tiyerekeze buloko la masamba 256, mmene masamba 200 ndi a mafayilo ofufutidwa ndipo 56 okha ndi amene akugwira ntchito. Kontilola wosauzidwa amaona masamba onse 256 ngati ofunika, ndipo sangapindule kanthu pofufuta bulokolo. Kontilola wouzidwa amasamutsa masamba 56, n'kupeza malo a masamba 200. Kusiyanaku n'kwakukulu chifukwa selo lililonse limatha kufufutidwa maulendo owerengeka lisanatope, ndipo pa matchipi ofala m'malaputopu maulendowo ndi masauzande ochepa chabe. Kusamutsa zinyalala kunkachedwetsa SSD ndiponso kuikalambitsa msanga. Anthu amene anagula SSD m'zaka zoyambazo ankadandaula kuti ikangodzaza kamodzi, liwiro lake lolemba limatsika kwambiri ngakhale atafufuta mafayilo.

TRIM inabwera kudzathetsa vuto limeneli. Ndi uthenga wochokera ku Windows, Linux kapena macOS wopita kwa kontilola, wonena kuti manambala awa ndi awa sakufunikanso, usavutike nawo. Windows 7, imene inatuluka mu 2009, inali Windows yoyamba kutumiza uthengawu yokha. Linux inatsatira mu 2010, makompyuta a Apple mu 2011, ndipo mafoni a Android anayamba kuchita zofanana mu 2013 ndi Android 4.3. SSD zatsopano za mtundu wa NVMe zili ndi lamulo lawolawo logwira ntchito yomweyo, koma anthu amangolitchabe TRIM. Sindikuona chodzudzula pa lamuloli. Linapangidwa kuti SSD ikhale yachangu ndi yokhalitsa, ndipo limachitadi zimenezo. Kutayika kwa mafayilo ofufutidwa ndi mtengo umene tinalipira, ndipo chondidandaulitsa n'chakuti ogula ambiri sanauzidwe kuti mtengowo ulipo.

Tsopano titsatire chithunzi chimodzi kuyambira pamene chafufutidwa. Tiyerekeze wojambula zithunzi pamaukwati, amene ali ndi laputopu ya Windows 11 yokhala ndi SSD ya mtundu wa SATA. Pakati pa zithunzi zake pali china cha 4 MB. Kwa Windows, chithunzichi chatenga tizigawo 1024 ta 4 KB kalikonse. Kwa kontilola, ndi masamba 256 a 16 KB, ndipo masambawo sanaunjikane pamodzi: anamwazidwa m'matchipi angapo nthawi imodzi kuti kulemba kufulumire, moti m'buloko lililonse asakanikirana ndi masamba a mafayilo ena.

Wojambula uja akasindikiza Delete, palibe choopsa chachitika. Chithunzi changosamukira mu Recycle Bin, chidakali fayilo yamoyo, ndipo TRIM situmizidwa. Chikhoza kukhala mmenemo nthawi yaitali. Zinthu zimasintha akakhuthula Recycle Bin, kapena akafufuta ndi Shift ndi Delete pamodzi. Pamenepo Windows imaika chizindikiro m'kaundula wake monga kale, kenako, m'kanthawi kochepa, imatumiza TRIM. Uthengawo ndi waung'ono modabwitsa. Mzere umodzi wa lamuloli umatenga mabayiti 8 okha: asanu ndi limodzi onena poyambira, awiri onena kutalika, ndipo mzere umodzi ungakwane malo pafupifupi 32 MB. Ngati chithunzi chathu chinali pamanambala otsatizana, mabayiti 8 amenewo akwanira kuchichotsa chonse. Foda ya zithunzi chikwi imachoka mofulumira chimodzimodzi.

Chotsatira chimachitika m'magawo awiri, ndipo n'kofunika kuwasiyanitsa. Gawo loyamba ndi la pamapu. Kontilola amachotsa manambala aja pamapu ake. Mphamvu ya magetsi idakali m'timaselo, chithunzi chidakali m'matchipi, koma njira yokafikira kumeneko yadulidwa. Pulogalamu ikapempha kuwerenga manambala aja, SSD zambiri sizipita n'komwe kukayang'ana m'matchipi: kontilola amangoyankha ndi maziro. Gawo lachiwiri ndi la kusesa. Nthawi ina, kaya ndi pakapita mphindi zochepa, maola kapena masiku, malingana ndi mtundu wa SSD ndi mmene yadzazira, kontilola amafika pa mabuloko amene muli masamba aja n'kuwafufuta. Mphamvu ija ikachotsedwa m'maselo, palibe chipangizo chodziwika chimene chingawerengenso zimene zinalimo.

Patapita miyezi iwiri, mwini ukwati abwera kudzapempha zithunzi zake kachiwiri. Wojambula atsegula pulogalamu yobwezeretsa mafayilo, ndipo pulogalamuyo ipeza dzina la chithunzi, kukula kwake 4 MB, ndi manambala a malo ake. Izi zimatheka chifukwa kaundula wa Windows nayenso ndi fayilo, fayilo yamoyo imene sinafufutidwe, ndipo mzere wa chithunzicho umakhalabe mmenemo mpaka fayilo ina itautenga. Pulogalamuyo ikhoza kulemba kuti fayiloyo ili bwino kwambiri, popeza ikuona kuti palibe fayilo ina imene yalowa pamalo ake. Imapita pamanambala aja, imakopera zimene kontilola waipatsa, n'kutulutsa fayilo ya 4 MB ndendende. M'kati mwake muli maziro okhaokha.

Mungatsimikize nokha zimenezi. Tsegulani fayilo yobwezedwayo ndi pulogalamu yoonetsa mabayiti, monga HxD. Chithunzi chenicheni cha JPEG chimayamba ndi `FF D8 FF`, ndipo pambuyo pake pamabwera manambala ndi zilembo zosakanikirana. Fayilo imene TRIM inadutsapo imaonetsa `00 00 00` kuyambira pamwamba mpaka pansi. Njira ina yapafupi ndi kuipanikiza fayiloyo mu ZIP: chithunzi chenicheni sichichepa kwenikweni, pamene fayilo ya maziro ya 4 MB imafwamphuka n'kutsala ma KB ochepa. Mukaona zimenezi musataye ndalama pa mapulogalamu olonjeza kukonza zithunzi zoonongeka, chifukwa palibe chokonza. Ndipo pulogalamu iliyonse yogulitsa ikakuonetsani mndandanda wa mayina n'kukuuzani kuti mulipire kaye, funani kuona chithunzicho kapena kuwerenga kalatayo m'kati mwa pulogalamumo musanalipire. Mndandanda wa mayina suonetsa kuti zam'kati zilipo.

Kusiyana kwina kwakukulu ndi hadi disiki n'kwakuti SSD imapitiriza ntchito yake ngakhale inu mwasiya kuigwira. Langizo lakale linkati ukafufuta mwangozi, usalembenso kanthu padisikipo. Pa SSD langizoli ndi losakwanira, chifukwa kontilola amangofuna magetsi basi. Mu 2010 akatswiri awiri a pa yunivesite ya Murdoch ku Perth, m'dziko la Australia, Graeme Bell ndi Richard Boddington, anafalitsa kafukufuku amene anadzidzimutsa ofufuza milandu ya pakompyuta. Anadzaza SSD ndi mafayilo, n'kuifomata mwachidule. Kenako anailumikiza kudzera m'chipangizo chimene ofufuza milandu amagwiritsa ntchito potsekereza lamulo lililonse lolemba kuti umboni usasinthe. Ngakhale zinali choncho, SSD ija inayamba kudzisesa yokha m'mphindi zochepa, ndipo gawo la mafayilo aja linatha, pamene hadi disiki imene anaiyesa mofanana inasunga zinthu zake. Ngati chipangizo cha apolisi sichingaletse kontilola kusesa, kusiya laputopu ili chiyakire usiku wonse poganiza kuti simukuigwira sikungateteze kanthu. Nthawi yachete imeneyo ndi imene kontilola amaikonda.

Nanga bwanji osachotsa matchipiwo n'kuwawerenga paokha, kumulambalala kontilola? Pakati pa gawo loyamba ndi lachiwiri pali kampata ndithu, ndipo makampani obwezeretsa zinthu amayesa kulowera pamenepo. Ali ndi zipangizo, monga PC-3000 ya kampani ya ACE Lab, zimene pa mitundu ina ya SSD zimatha kumuika kontilola mu mkhalidwe wa kufakitale kuti asiye kusesa, kenako n'kuwerenga masamba amene achoka pamapu. Koma ntchitoyi ndi yodula, imatheka pa makontilola ena okha, ndipo zopinga zake n'zambiri. Masamba 256 a chithunzi chija ndi omwazikana, ndipo mapu onena dongosolo lake anachotsedwa. Kontilola amasokoneza dala mabayiti asanawalembe kuti maselo azigwira ntchito bwino, ndipo makontilola ambiri amawatsekanso ndi kiyi amene ali m'kati mwawo. Pa makompyuta ambiri atsopano a Apple matchipi amawotcheredwa pa bodi ndipo zonse zimalembedwa zotsekedwa. Koposa zonse, kampataka ndi ka nthawi yochepa. Kangathandize munthu amene wathimitsa kompyuta nthawi yomweyo. Kwa wojambula wathu amene wagwiritsa ntchito laputopu tsiku lililonse kwa miyezi iwiri, mabuloko aja anafufutidwa kale ndipo mwina alembedwanso kangapo.

Komabe sikuti fayilo iliyonse yotayika pa chipangizo cha matchipi yapitiratu. Funso loyenera kufunsa nthawi zonse ndi lakuti, kodi TRIM inatumizidwa, ndipo inafika? Pali malo angapo pamene yankho lake limakhala ayi.

Oyamba ndi mafulashi wamba ndi mamemole khadi. Nawonso ali ndi matchipi ofanana, koma mukafufuta fayilo pa fulashi kapena khadi kudzera pa Windows, kawirikawiri TRIM situmizidwa, popeza zipangizozi zimakhala za FAT32 kapena exFAT ndipo zambiri sizilandira lamuloli. Wojambula wathu mwayi wake weniweni uli pakhadi imene inali m'kamera tsiku la ukwatilo. Ngati sanajambulirepo zambiri kuchokera nthawiyo, PhotoRec ikhoza kupeza zithunzi pamenepo. Chochenjera nacho n'chakuti makamera ena akamafomata khadi amatumiza lamulo lofufutiratu, ndipo zikatero khadiyo nayo imabweza zopanda kanthu. SSD zakunja zolumikiza pa USB zili pakatikati: kabokosi kena kamadutsitsa lamuloli, kena, makamaka kakale, sikadutsitsa.

Achiwiri ndi pamene fayilo yasowa popanda kufufutidwa. Magetsi akathima mwadzidzidzi n'kusokoneza kaundula, kapena Windows ikayamba kunena kuti disiki ndi RAW ndipo ikufuna kufomatidwa, palibe TRIM imene yatumizidwa, ndipo zinthu zimakhala zilipo. Apa ngozi ili pa batani limodzi. Mukavomera kufomata, ngakhale kufomata kwachidule kuja kwa Quick Format, Windows imatumiza TRIM ya gawo lonse la disikiyo. Pa hadi disiki kufomata kwachidule kunkasiya pafupifupi zonse, ndipo amisiri ena adakali ndi chizolowezi chofomata kaye kuti disiki ioneke, n'cholinga chobwezeretsa pambuyo pake. Pa SSD chizolowezi chimenechi chimapha zinthu zimene zikanapulumuka. Chimodzimodzinso kuikanso Windows mwatsopano pa laputopu imene muli zinthu zofunika.

Achitatu ndi Linux. Pa Ubuntu ndi ena ofanana naye, TRIM situmizidwa nthawi imene mwafufuta fayilo. Imatumizidwa kamodzi pa sabata, kumayambiriro kwa Lolemba, ndi pulogalamu yotchedwa `fstrim`. Munthu amene wafufuta fayilo Lachitatu amakhala ndi masiku angapo. Koma ngati kompyuta inali yothima nthawi yoikikayo itakwana, `fstrim` imagwira ntchito ikangoyatsidwanso, choncho kuithimitsa Lachisanu n'kudzaiyatsa Lachiwiri monga mwa masiku onse ndi kutaya mwayiwo.

Palinso kachinthu kena kosangalatsa. Pa Windows, mafayilo aang'ono kwambiri, a mabayiti mazana ochepa, sapatsidwa malo awoawo. Amasungidwa m'kati mwa mzere wawo wa m'kaundula, umene ndi wa mabayiti 1024. Popeza kaundulayo ndi wamoyo, TRIM siwafika. N'chifukwa chake nthawi zina pulogalamu imabweza kakalata ka mizere itatu kali bwinobwino, n'kulephera zithunzi zonse. Mmisiri akakuonetsani timafayilo totere monga umboni wakuti zonse zibwera, dziwani kuti umboniwo sukhudza mafayilo aakulu.

Kudziwa mmene kompyuta yanu ilili sikovuta. Pa Windows, tsegulani Task Manager, pitani pa Performance, ndipo pansi pa dzina la disiki palembedwa SSD kapena HDD. Kenako tsegulani Command Prompt n'kulemba:

```
fsutil behavior query DisableDeleteNotify
```

Yankho limasokoneza anthu ambiri chifukwa funsolo ndi lotembenuza. `DisableDeleteNotify = 0` ikutanthauza kuti TRIM ikugwira ntchito, ndipo umu ndi mmene Windows imabwerera. `1` ikutanthauza kuti inazimitsidwa. Pa Linux, malamulo awiri awa amaonetsa tsiku limene `fstrim` idzagwirenso ntchito, ndi zimene SSD ya SATA imalonjeza:

```
systemctl list-timers fstrim.timer
sudo hdparm -I /dev/sda | grep -i trim
```

Mukaona mzere wakuti `Deterministic read ZEROs after TRIM`, ndiye kuti SSD yanu ikulonjeza kubweza maziro pamalo alionse amene TRIM yawakhudza.

Ena akamva zonsezi amaganiza zozimitsa TRIM kuti mafayilo azitheka kubwezeretsedwa. Sindingalangize zimenezo. Mukhala mukuchedwetsa ndi kukalambitsa SSD tsiku lililonse pofuna kudziteteza ku ngozi ya tsiku limodzi, ndipo chitetezocho n'chosadalirika, chifukwa Windows imalembalemba zinthu zake nthawi zonse ndipo ikhoza kutenga malo a fayilo yanu ola lililonse. Kuzimitsa TRIM fayilo itafufutidwa kale sikubweza kanthu, uthenga unapita.

Chimene chingathandize munthu amene wangofufuta chinthu chofunika ndi kuthimitsa kompyuta nthawi yomweyo, ndipo apa ndi bwino kugwira batani la magetsi mpaka ithime, m'malo moigoneka. Asaike pulogalamu yobwezeretsa pa disiki yomweyo, ndipo asatsegule Optimize Drives, chifukwa pa SSD ntchito yake ndi kutumizanso TRIM ya malo onse opanda mwini, zimene Windows imachitanso yokha mwa nthawi yoikika. Ngati zinthuzo n'zamtengo wapatali, disikiyo isapatsidwenso magetsi mpaka itafika kwa katswiri wokhala ndi zipangizo zake. Koma kwa fayilo imene inafufutidwa kalekale, nzeru ndi kusiya SSD ija n'kufufuza kwina kumene fayiloyo inadutsa: pakhadi ya kamera, pafulashi imene inanyamulidwirapo, mu imelo, mu WhatsApp ya munthu amene munamutumizira. Pa Windows yesani kudina fodayo kumanja n'kuona Previous Versions, ngati File History inali yoyatsa. Google Drive ndi OneDrive ya munthu wamba amasunga zofufutidwa kwa masiku 30, ndipo iPhone imachita chimodzimodzi ndi zithunzi. Pa mafoni, nthawi imeneyi ikadutsa chiyembekezo chimakhala chochepa kuposa pa laputopu, chifukwa mafoni a masiku ano amatseka mafayilo ndi makiyi, kuwonjezera pa TRIM.

Nkhaniyi ili ndi mbali ina imene ogulitsa malaputopu ogwiritsidwa kale ntchito ayenera kuidziwa. Zoti fayilo yofufutidwa nthawi zambiri sibwerera sizitanthauza kuti TRIM ndi njira yotsimikizika yobisira zinsinsi. Lamuloli limangomudziwitsa kontilola, silimukakamiza kufufuta nthawi yakuti. SSD iliyonse ilinso ndi malo apadera amene kompyuta siiona, pafupifupi magawo 7 pa 100 alionse kapena kuposa, ndipo masamba akale akhoza kutsalira mmenemo. Mu 2011 akatswiri a yunivesite ya California ku San Diego anawerenga matchipi mwachindunji, ndipo anapeza kuti mapulogalamu olemba pamwamba pa fayilo imodzi, amene ankagwira bwino pa hadi disiki, ankasiya zidutswa za fayiloyo pa SSD, popeza kontilola amalemba zatsopano patsamba lina n'kusiya lakale. Mayina a mafayilo nawo, monga taonera, amatsalira m'kaundula, ndipo dzina lokha likhoza kuulula zambiri. Wofuna kugulitsa kapena kupereka laputopu agwiritse ntchito lamulo lofufuta SSD yonse, limene limapezeka mu pulogalamu ya kampani yopanga SSD-yo kapena mu BIOS ya malaputopu ena pansi pa dzina la Secure Erase kapena Sanitize. Lamulo limeneli limauza kontilola kufufuta mabuloko onse, kuphatikizapo a m'malo apadera aja, kapena kutaya kiyi amene anatsekera zonse zimene zinalembedwa.